Mafunso ndi mayankho: dairekitala achite chiyani nkhani ya pa bodi ikakhudza thumba lake kapena la m'bale wake

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anzathu olankhula Chichewa muno mu Harare amene asankhidwa kukhala madairekitala m'makampani ang'onoang'ono. Ambiri mwa makampaniwa anayambitsidwa ndi anthu amene anakulira limodzi ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose, amapemphera mpingo umodzi ndiponso amasonkha m'bungwe limodzi la maliro, kotero kuti n'kovuta kupeza wogulitsa katundu amene si m'bale kapena mnansi wa munthu wina wa pa bodi.

Mayankho onse atsamira pa chitsanzo chimodzi chongoyerekeza. Kampani ina ili ndi malole onyamula katundu kuchoka ku Harare kupita ku Blantyre, kudzera ku Nyamapanda, ku Tete ndi ku Mwanza. Bodi yake ili ndi madairekitala asanu, ndipo ikufuna kusankha woigulitsa matayala 120 a chaka chamawa. Makampani atatu apereka mitengo: ina madola 330 pa tayala, ina madola 310, ndipo yachitatu madola 295, koma yachitatuyi ikufuna kulipidwiratu theka la ndalama matayala asanabwere. Mwini wa kampani yachitatuyo ndi mlamu wa mmodzi mwa madairekitala, mchimwene wa akazi awo. Wofunsa ambiri mwa mafunsowa ndi dairekitala ameneyo.

Kodi ndalakwa kale popeza mlamu wanga wapereka mtengo ku kampani imene ndikuyang'anira?

Simunalakwe. Kukhala ndi mlamu wogulitsa matayala si mlandu, ndipo palibe lamulo loletsa m'bale wa dairekitala kuchita malonda ndi kampani. Chimene chachitika n'chakuti zofuna zanu zawombana: monga dairekitala mukuyenera kufunira kampani matayala abwino pa mtengo wotsika ndi pa mgwirizano wopanda chiopsezo, pomwe monga mlamu mukufuna kuti banja la kuchikazi lipeze malonda ndi phindu lokwanira. Mtima umodzi sungakokere mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo ngakhale inu mutakhulupirira kuti mungathe, anzanu a pa bodi alibe njira yoonera za mumtima mwanu. Kulakwa kumayamba pamene mwabisa ubalewo, kapena mwauulula mwatheka, kapena mwauulula koma n'kupitirizabe kukankha nkhaniyo kuti igwere kumene inu mukufuna.

Kodi lamulo la Zimbabwe likunena chiyani pa nkhaniyi?

Lamulo limene likugwira ntchito ndi la makampani ndi mabizinesi ena la chaka cha 2019, lodziwika ndi nambala ya Mutu 24:31, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020 ndipo linalowa m'malo mwa lamulo lakale la makampani la Mutu 24:03. Ndime 54 mpaka 57 za lamuloli ndi zimene dairekitala aliyense ayenera kuziwerenga yekha. Zikunena za udindo wogwira ntchito mosamala, za udindo wokhulupirika kwa kampani, za malonda amene dairekitala ali ndi gawo lake, ndiponso za udindo woulula gawolo. Fundo yake yaikulu ndi yakuti malonda otere amaima bwino pamene zonse zofunika zaululidwa, ndipo avomerezedwa ndi anthu amene alibe phindu lawo pa nkhaniyo, kaya ndi madairekitala ena kapena eni masheya.

Pambali pa lamulo la boma pali malamulo a kampani yanu eni ake, aja amene anaperekedwa ku ofesi yolembetsa makampani pamene inkakhazikitsidwa. Madairekitala ambiri sanawaonepo chiyambire, ndipo ena sadziwa kumene akusungidwa, komatu m'menemo ndi mmene mumalembedwa za kuvota, za chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano uchitike, ndi za mphamvu za wapampando. Pemphani mlembi wa kampani akupatseni kope lanu msonkhano usanafike.

Mlamu si m'bale wa magazi. Kodi ubale umene uyenera kuululidwa umalekezera pati?

Malamulo a makampani, kuno ndi kwina, amatchula magulu a anthu amene amawaona kuti ndi oyandikana ndi dairekitala, kuyambira mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi makolo ake, mpaka makampani amene iye kapena anthu amenewo akuwalamulira. Koma mndandanda wa m'lamulo sungakwanire ubale wonse wa kwathu. Kwa ife, mwana wa mlongo wanu, amene inu ndinu malume ake ndipo munamulipirira sukulu, angakhale wapafupi kwambiri kuposa m'bale wa bere limodzi amene simunalankhulane naye zaka khumi. Nkhoswe ya banja lanu, asebele anu, kapena mnzanu amene anakusungani m'nyumba mwake mutangofika mumzinda uno, onsewa ali ndi mawu amene simungawakane mosavuta.

Choncho musamafunse ngati dzina la ubalewo likupezeka m'lamulo. Dzifunseni mafunso awiri. Loyamba: kontirakiti imeneyi ikapita kwa munthuyu, kodi pali ndalama, katundu kapena mpumulo wa ngongole umene ungafike kwa ine kapena pakhomo panga? Lachiwiri: mwini masheya amene sadziwa kanthu atamva za ubalewu patapita chaka, kodi angadabwe kuti sindinanene? Mukayankha kuti inde pa funso limodzi lokha, ululani. Kuulula ubale umene bodi ingauone kuti ndi wochepa kumadya mphindi ziwiri za msonkhano, pomwe kubisa ubale umene khoti lingauone kuti ndi waukulu kungagwetse kontirakiti yonse pamodzi ndi mbiri yanu.

Kodi ndiulule liti, ndipo ndiuze yani?

Ululani tsiku limene mwadziwa, osadikira tsiku la msonkhano. Ngati mlamu wanu anakuuzani pa ukwati wa m'banja kuti akufuna kupereka mtengo, lembani kalata kwa wapampando ndi kwa mlembi wa kampani sabata yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti chisankho cha bodi chimayamba kuumbidwa kale anthu asanakhale pansi. Wina amalemba mtundu wa matayala ofunika, wina amasankha makampani opemphedwa mitengo, wina amakonza pepala loyerekeza mitengoyo, ndipo dairekitala amene wagwira nawo ntchito zimenezi wavota kale ngakhale atadzatuluka m'chipinda pa tsiku lomaliza. Kuulula msanga kumapatsanso mlembi mpata woti asakutumizireni mapepala a nkhaniyo. Mukaona mtengo wa madola 310 wa kampani ina mlamu wanu asanapereke wake, palibe amene adzakhulupirire kuti madola 295 aja anangowaganiza yekha.

Kunong'oneza wapampando panja pa tchalitchi si kuulula. Udindo wanu uli kwa bodi yonse, choncho pa msonkhano, nkhani ya matayala isanayambe kukambidwa, bwerezani pakamwa zimene munalemba kuti aliyense amve ndipo zilowe m'maminitsi. Makampani ena amakhala ndi kaundula amene dairekitala aliyense amalembamo chaka ndi chaka mabizinesi ake ndi a abale ake. Kaundulayo ndi wothandiza, koma sachotsa udindo wonena za kontirakiti imene ili pa tebulo lero.

Kodi sikokwanira kungonena kuti mwini kampaniyo ndi mlamu wanga?

Apa ndi pamene madairekitala ambiri okhulupirika amapunthwira. Amanena ubale, amene aliyense akuudziwa kale, n'kusiya ndalama, zimene palibe akuzidziwa. Tiyeni tiwonjezere mfundo ziwiri pa chitsanzo chathu. Akazi anu ali ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a masheya a kampani ya mchimwene wawoyo. Komanso chaka chatha munabwereketsa mlamu wanu madola 8,000, ndipo iye analonjeza kuti adzabweza akadzapeza oda yaikulu. Tsopano onani mmene nkhaniyo yasinthira. Matayala 120 pa madola 295 akukwana madola 35,400, ndipo theka lolipiriratu ndi madola 17,700. Ndalama zimenezo zikangolowa kwa mlamu wanu, ngongole yanu ingathe kubwezedwa mawa lake. Bodi imene yangomva mawu akuti mlamu iganiza kuti mukungomufunira zabwino m'bale, pomwe zoona zake n'zakuti mfundo ya kulipiriratu, imene ndi yoopsa kwambiri kwa kampani pa mgwirizano wonsewo, ndi imene ikukupindulitsani inu mwachindunji.

Kuulula kokwanira kumanena mtundu wa gawo lanu ndi kukula kwake. Mungalankhule motere: "A Wapampando, pa nkhani ya matayala ndili ndi gawo langa. Mwini wa kampani yachitatu ndi mchimwene wa akazi anga. Akazi anga ali ndi gawo limodzi mwa anayi a masheya a kampaniyo. Iyeyo ali nane ngongole ya madola 8,000 imene ndikuyembekeza kuti abweza akapeza malonda ngati awa. Sindinaone mitengo ya makampani ena, ndipo sindinakambirane nkhaniyi ndi woyang'anira zogula. Ndikupempha kuti izi zilembedwe, ndipo ndituluke."

Palinso chinthu china chimene chimawawa kunena. Ngati mukudziwa mfundo imene bodi ikufunika kuidziwa kuti isankhe bwino, monga yakuti mlamu wanu analephera kupereka katundu kwa kasitomala wina atalandira kale ndalama, muyenera kuinena musanatuluke. Kukhala chete pa mfundo yotere pofuna kusunga mtendere wa kuchikazi ndi kusankha mlamu m'malo mwa kampani, ndipo udindo wokhulupirika umaletsa kusankha kumeneko.

Bwanji ndingokhala m'chipindamo osavota? Kutuluka kukuoneka ngati ndine wakuba.

Maganizo amenewa ndi omveka, makamaka kwa munthu wamkulu amene anayambitsa nawo kampaniyo ndipo tsopano akuuzidwa kuti akadikire pakhonde ngati mwana wasukulu. Koma ganizani za anthu anayi otsalawo. Mmodzi ndi wamng'ono kwa inu ndi zaka makumi awiri ndipo amakutchulani kuti bambo. Wina munamuperekeza ku maliro a mayi ake mpaka kumudzi. Kodi mwa anthu amenewa ndani angatsegule pakamwa inu muli pomwepo n'kunena kuti matayala a mlamu wanu amatha msanga, kapena kuti sakumukhulupirira ndi madola 17,700? Mwambo wathu sulola kunyoza m'bale wa munthu mwini wake akumva, ndipo ulemu umenewo, umene ndi wabwino kwina konse, pa bodi umatseka pakamwa anthu amene ntchito yawo ndi kufunsa mafunso ovuta. Simufunika kulankhula kuti mukhotetse nkhani. Kukhosomola, kuweramitsa mutu kapena kungoyang'ana munthu kumakwanira.

Lamulo la makampani la ku South Africa la 2008, mu ndime 75, linalemba ndondomekoyi momveka: dairekitala aulule, anene zimene akudziwa, ayankhe ngati anzake amufunsa, kenako atuluke nthawi yomweyo ndipo asatenge nawo mbali pa zokambirana. Ndondomeko imeneyi ndi imene bodi iliyonse yosamala iyenera kutsata. Ngati msonkhano ukuchitika pa foni kapena pa kompyuta, kutuluka kumatanthauza kudula ndithu, osati kungotseka maikolofoni, ndipo mlembi ndi amene akuitaneninso nkhaniyo ikatha. Za manyazi aja, mankhwala ake ali m'manja mwa wapampando. Iye akakhazikitsa kuti aliyense, ngakhale iye mwini, amatuluka nkhani ikamukhudza, kutuluka kumasiya kuoneka ngati chilango.

Kutuluka m'chipinda kulibe phindu ngati usiku wa dzulo lake munaimbira foni madairekitala awiri kuwapempha kuti amuganizire mlamu wanu. Zimenezo ndi kutenga nawo mbali, ndipo n'zoipa kuposa kulankhula pa msonkhano chifukwa sizilowa m'maminitsi.

Koma mtengo wa mlamu wanga ndi wotsika kuposa yonse. Ngati kampani ikupindula, vuto lili pati?

Funso limeneli ndi lakale kwambiri, ndipo makhoti analiyankha kalekale. Mu 1854 khoti lalikulu la ku Britain linaweruza mlandu wa pakati pa kampani ya njanji ya Aberdeen ndi kampani ya abale a Blaikie. Wapampando wa kampani ya njanjiyo analinso mmodzi mwa eni kampani imene inapatsidwa kontirakiti yopereka zitsulo zogwirira njanji. Khoti linalola kampani ya njanji kukana kontirakitiyo, ndipo linakana ngakhale kufufuza ngati mtengo unali wachilungamo, poti munthu amene waima mbali zonse ziwiri za malonda sangasonyeze kuti kampani sikanapeza zabwino koposa akanakhala kuti anaimira iyo yokha.

Pafupi ndi kuno pali mlandu wa Robinson ndi kampani ya migodi ya Randfontein Estates, umene khoti la apilo la ku South Africa linaweruza mu 1921, ndipo maloya a kuno amautchula chifukwa malamulo a mayiko awiriwa ali ndi muzu umodzi. Robinson anali wapampando wa kampaniyo. Anagula yekha gawo la famu ya Waterval, imene kampani inkaifuna, pa mapaundi 60,000, kenako anaigulitsa kwa kampani yomweyo pa mapaundi 275,000 osaulula phindu lake. Khoti linamulamula kubweza mapaundi 215,000.

Lamulo la masiku ano lapereka njira imene kale inali yopapatiza: malonda otere angavomerezedwe ndi anthu opanda gawo, atadziwa zonse. Koma onani kuti ogamula ngati mtengo ndi wabwino ndi iwowo, osati inu. Ndipo m'chitsanzo chathu yankho silili poyera monga mukuganizira. Mlamu wanu watsika ndi madola 15 pa tayala poyerekeza ndi wachiwiri, ndiye kuti madola 1,800 pa matayala onse 120. Kuti ipulumutse madola 1,800 amenewo, kampani iyenera kuika madola 17,700 m'manja mwa munthu isanaone tayala ndi limodzi lomwe. Kodi matayalawo amayenda makilomita angati pa msewu wa ku Tete asanathe? Kodi likaphulika msanga, wogulitsa amabweza lina? Dairekitala wopanda gawo angaone kuti mtengo wa madola 310 wolipira katundu atafika ndi umene uli wotsika kwenikweni, ndipo wina angaone mosiyana. Onse awiri ali ndi ufulu woganiza choncho. Inu nokha ndi amene maganizo anu pa funsoli sangakhulupiridwe, ngakhale atakhala olondola.

Ndikatuluka, kodi otsalawo angathe kugamula? Nanga mavoti akafanana?

Choyamba mlembi aone ngati chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano upitirire, chimene ambiri amachitcha koramu, chikukwanabe. Malamulo amasiyana pa mfundo imeneyi. Lamulo la ku South Africa lija limamuwerenga dairekitala wotulukayo pa koramu koma silimuwerenga pa mavoti, pomwe malamulo achitsanzo a makampani a ku Britain samuwerenga pa zonse ziwiri. Mlembi wanu awerenge ndime 57 ya lamulo la Zimbabwe lija pamodzi ndi malamulo a kampani yanu tsiku la msonkhano lisanafike. Njira imene singatsutsidwe ndi yoonetsetsa kuti madairekitala opanda gawo akukwana koramu paokha. Ngati koramu yanu ndi anthu atatu, ndipo mwa anayi otsalawo awiri sanabwere, ndi bwino kuimitsa nkhaniyo kufikira msonkhano wina kusiyana ndi kuigamula anthu awiri okha.

Tiyerekeze kuti onse anayi alipo, ndipo awiri afuna mlamu wanu pomwe awiri afuna kampani ya madola 310. Ngati malamulo a kampani yanu amapatsa wapampando voti yachiwiri mavoti akafanana, iye angaigwiritse ntchito. Ngati samupatsa, ganizo lopereka kontirakiti kwa mlamu wanu silinadutse, ndipo palibe amene ayenera kutsegula chitseko n'kukuitanani kuti mudzathetse kufananako. Nthawi imene voti yanu ikufunika kwambiri ndi nthawi yomwe ili yoletsedwa kwambiri, chifukwa mavoti atatu kwa awiri angatanthauze kuti kontirakitiyo mwaipereka ndinu. Bodi ingathe kubwerera kwa ogulitsa onse awiri kukakambirananso, mwachitsanzo kupempha mlamu wanu kuti achotse mfundo ya kulipiriratu, kenako n'kuvotanso popanda inu.

Ngati wokhudzidwa ndi wapampando mwini, asiye mpando kwa wachiwiri wake pa nkhani imeneyo. Ngati okhudzidwa ndi ambiri moti opanda gawo sakukwana, monga zimachitikira m'makampani a banja limodzi, nkhaniyo ipite kwa eni masheya, ndipo mavoti oyenera kudaliridwa kumeneko ndi a eni masheya amene alibe phindu pa kontirakitiyo.

Kodi m'maminitsi mulembedwe zotani?

Mulembedwe zimene munaulula, ndi manambala ake, osati mawu achidule akuti dairekitala wina ananena kuti nkhaniyi ikumukhudza. Mulembedwe nthawi imene munatuluka ndi imene munabwerera, mayina a amene anatsala, mitengo itatu imene anayerekeza, zifukwa zimene anasankhira, ndi mmene mavoti anayendera. Werengani gawo limene likunena za kuulula kwanu maminitsi asanavomerezedwe pa msonkhano wotsatira, ndipo ngati ngongole ya madola 8,000 ija yasiyidwa, umirirani kuti ilowe. Patapita zaka zitatu, mkangano ukabuka ndipo ena mwa anzanu atachoka pa bodi, pepala limenelo ndi lokhalo limene lidzakuchitirani umboni. Owerengera chuma cha kampani adzafunanso kudziwa za kontirakitiyo, chifukwa malamulo a kawerengedwe ka chuma amafuna kuti malonda ochitika ndi anthu oyandikana ndi oyang'anira kampani aonekere m'malipoti a chaka.

Bodi yavomereza mlamu wanga popanda ine. Kodi nkhani yatha?

Siinathe, ndipo gawo lotsalali ndi limene limaiwalika. Musasainire kontirakitiyo m'malo mwa kampani. Asaine wina amene bodi yamusankha. Musavomereze malipiro ake ku banki ngakhale muli mmodzi mwa osainira. Matayala akachedwa kufika, kapena akabwera a mtundu wina, woyang'anira garaja asabwere kwa inu kudzapempha kuti mumulankhule mlamu wanu mwachibale, chifukwa kulankhulana kwachibale kumathera pa kukhululukirana, pomwe kampani ikufunika kalata yodandaula ndi tsiku lomalizira. Nkhani yowonjezera nthawi ya kontirakiti, yokweza mtengo kapena yotengera mlamu wanu ku khoti ikafika pa bodi, mudzatulukanso monga poyamba. Ndipo zinthu zikasintha pakati pa chaka, mwachitsanzo akazi anu akagula masheya ena m'kampaniyo, muululenso, popeza chivomerezo cha bodi chinaperekedwa pa mfundo zimene inauzidwa tsiku lija.

Ndinavota nawo osaulula, ndipo kontirakiti inasainidwa kale. Ndichite chiyani tsopano?

Lembani kalata kwa bodi lero, munene zonse, kuphatikizapo chifukwa chimene simunanenere poyamba, ndipo pezani loya wanuwanu, osati wa kampani, chifukwa pa nkhaniyi inu ndi kampani simuli mbali imodzi. Madairekitala opanda gawo, kapena eni masheya, akadziwa zonse angathe kuvomereza kontirakitiyo mmbuyo mwake, angathe kukambirananso mfundo zake, kapena angafune kuti ithetsedwe. Chisankhocho ndi chawo.

Mukapitiriza kubisa, zotsatira zake zili pa magulu atatu. Kampani ingapemphe khoti kuti lifafanize kontirakitiyo. Ingafunenso kuti mubweze phindu limene munapeza ndi kulipira zimene yataya, ndipo ngati bodi ikuzengereza chifukwa chokuopani, lamulo la 2019 limalola eni masheya kusuma m'malo mwa kampani. Gulu lachitatu ndi la milandu ya upandu: ndime 173 ya lamulo la milandu la Mutu 9:23 imanena za munthu wogwirira ntchito wina amene wabisira bwana wake gawo lake pa malonda ndi cholinga chomunyenga, ndipo chilango chake chingakhale chindapusa kapena ndende. Pa mlandu umenewu cholinga ndi chimene chimafufuzidwa, n'chifukwa chake munthu amene wabwera yekha kudzaulula amaima pabwino kuposa amene wagwidwa ndi owerengera chuma. Amene ali pa bodi ya kampani ya boma adziwe kuti iwo ali ndi lamulo linanso, la 2018 la Mutu 10:31, loyang'anira kayendetsedwe ka makampani a boma.

Ine ndilibe gawo, koma ndikudziwa kuti mnzanga wa pa bodi akubisa lake. Kodi ndi nkhani yanga?

Ndi yanu, chifukwa mukavota mukudziwa kuti anzanu akusankha mu mdima, nanunso mwalephera udindo wanu wosamala. Yambani ndi kumuona payekha n'kumuuza mwaulemu kuti, "Achimwene, nkhani ya mawa ija ikukhudza a kwanu, ndi bwino muinene nokha." Anthu ambiri amavomera akapatsidwa mpata wodziululira okha. Akakana, uzani wapampando msonkhano usanayambe, ndipo ngati nkhaniyo ikupitirirabe, funsani funsolo pa msonkhano ndi kupempha kuti funso lanu ndi yankho lake zilembedwe. Nenani zokhazo zimene mukuzidziwa motsimikiza, monga ubale kapena masheya, osati zimene mukuganiza za mtima wake.

Kodi pali nthawi imene kutuluka m'chipinda sikukwanira, moti dairekitala ayenera kutula udindo?

Ilipo. Kutuluka kumathandiza pamene kuwombanako kuli pa nkhani imodzi yodziwika malire ake, monga kontirakiti ya matayala. Koma tiyerekeze kuti inu ndi mlamu wanu mwagula malole anu awiri ndipo mwayamba kunyamula katundu pa msewu womwewo wa Harare ndi Blantyre. Tsopano nkhani iliyonse ya pa bodi ikukukhudzani: mitengo imene kampani ikulipiritsa makasitomala, makasitomala atsopano amene ikuwasaka, malipiro a madalaivala, ngakhale mapulani ogula malole ena. Simungatuluke pa nkhani zonsezo n'kukhalabe dairekitala wothandiza, ndipo simungakhalemo osamva zinsinsi zimene bizinesi yanu ingapindule nazo. Kasitomala amene wabwera kwa inu chifukwa ndinu dairekitala ndi wa kampani, ndipo kumupatutsira ku malole anu ndi kulakwa kwa mtundu womwewo umene unagwetsa Robinson. Zikafika apa pali njira ziwiri zokha: kugulitsa gawo lanu m'bizinesi ya malole awiriwo, kapena kulemba kalata yotula udindo wa pa bodi. Mukasankha kutula, bwezani mapepala onse a bodi kwa mlembi, ndipo dziwani kuti mndandanda wa makasitomala ndi mitengo imene munaidziwa muli pa mpando ikhalabe chinsinsi cha kampani ngakhale mutachoka.